Komiti yaikulu kapena bodi ya maudindo atatu: ndani agamule ndalama zikaperewera?

Mabungwe ambiri amaika pulojekiti m'manja mwa komiti yaikulu yoyang'anira, momwe dipatimenti iliyonse, opereka thandizo ndi nthumwi za boma amakhala ndi mpando, ndipo kawirikawiri imakumana kamodzi pa miyezi itatu. Njira ina ndi ya PRINCE2, ndondomeko yoyendetsera mapulojekiti imene boma la Britain linatulutsa mu 1996. Bodi yake ili ndi maudindo atatu okha: mwini pulojekiti amene amayankha za ndalama ndi phindu lake, woimira amene adzagwiritse ntchito chinthucho, ndi woimira amene akuchipanga. Atatuwa akasemphana maganizo saponya voti, mawu omaliza ndi a mwini pulojekiti.

Kusiyana kwake kumaonekera mitengo ikakwera, monga zinachitikira kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tiyerekeze kuti bungwe likumanga nyumba yosungiramo katundu, gawo lino la ntchito lapatsidwa K200 miliyoni, ndipo manijala wa pulojekiti akuona kuti simenti ndi zitsulo ziwonjezera K16 miliyoni. Mu PRINCE2 bodi imakhala itamuikira kale malire, tinene 5 peresenti, kutanthauza K10 miliyoni. Zosafika pamenepo amagamula yekha, koma akangoona kuti adzapyola, ndalamazo zisanatuluke n'komwe, amalembera bodi lipoti lofotokoza chifukwa chake, njira zimene zilipo ndi imene iye akuikonda, ndipo bodi imayankha osadikira tsiku la msonkhano. Ku komiti yaikulu nkhani yomweyi imadikira msonkhano wotsatira, ndipo chiwerengero chikapanda kukwana kapena akuluakulu akatumiza owaimira opanda mphamvu zogamula, imaimitsidwanso, uku kontirakita wachotsa anthu ake pamalo ndipo mitengo yakweranso.

Komabe komiti yaikulu ili ndi chimene bodi yaing'ono ilibe. Ntchito ikakhudza malo a anthu, maunduna angapo kapena opereka thandizo awiri, chigamulo cha anthu ochepa chimakanidwa ndi amene sanafunsidwe, ndipo nthawi imene inapulumutsidwa imathera m'madandaulo. Pamenepo ine ndingasunge komitiyo kuti izipereka malangizo, koma mphamvu zosintha bajeti zikhale ndi bodi, ndipo zimenezi zilembedwe m'chikalata cha maudindo.

Ofesi yoyendetsa mapulojekiti imafunika m'njira zonse ziwiri, ngakhale ntchito yake imasiyana. Pansi pa bodi imasunga kaundula wa ziopsezo, imakonza mafomu a malipoti kuti afanane, ndiponso imatsimikiza kuti manambala a manijala akugwirizana ndi a ku akaunti. Pansi pa komiti yochedwa imayamba kugamula yokha pakati pa misonkhano, chonsecho palibe anaipatsa mphamvuzo. Mungazindikire zimenezi powerenga maminitsi: mfundo zambiri zimakhala zovomereza ndalama zimene zinatuluka kale.