Chiwongoladzanja cha fulati ndi chotsika: 3 peresenti yake si imodzi

Anzanga akhala akundifunsa chifukwa chimene ndimayambira kuitanitsa ndandanda ya kabwezedwe ndisanasaine ngongole. Obwereketsa awiri angakuuzeni 3 peresenti pamwezi onsewo, koma ndalama zotuluka m'thumba mwanu n'kusiyana kutali.

Tinene kuti mwabwereka K1,000,000 ya miyezi 12.

Pa chotsika, chiwongoladzanja amawerengera pa ngongole imene yatsala. Mwezi uliwonse mumapereka K100,462. Mwezi woyamba K30,000 ndi chiwongoladzanja, K70,462 ndiyo ikudula ngongole yeniyeniyo. Poti ngongole yachepa, mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chimatsika kufika K27,886, ndipo gawo lodula ngongole limakula. Pofika mwezi womaliza chiwongoladzanja changotsala K2,926. Chonse pamodzi ndi pafupifupi K205,500.

Njirayi ili ndi pake powawa. Miyezi yoyambirira ngongole imatsika mwaulesi, moti mutalipira miyezi 6 mumakhala mudakali ndi K544,000, osati theka. Ena amayesa kuti aberedwa, koma ayi, masamu ake ndi oona: mukulipirira ndalama imene idakali m'manja mwanu.

Fulati ndiye ndimakwiya nayo. Chiwongoladzanja amawerengera pa K1,000,000 yoyamba ija mpaka kumapeto, ngati simunabwezeko kalikonse. Mwezi uliwonse mumapereka K113,333: K83,333 ya ngongole, K30,000 ya chiwongoladzanja, osasintha. Taganizani mwezi wa 12. Ngongole yatsala K83,333 yokha, koma akukudulanibe K30,000, imene ndi 36 peresenti ya ndalama yotsalayo. Chiwongoladzanja chonse chimakwana K360,000, kuposa cha chotsika ndi ndalama zoposa K154,000. Mutaiwerengera pa ngongole yotsala, 3 peresenti ya fulatiyi ndi 5 peresenti ndi kapamwamba pang'ono.

Chinandipweteka kwambiri ine ndi kubweza msanga. Nditagulitsa soya ndinapita kukatseka ngongole ya fulati pakati pa ulendo, poganiza kuti ndipulumutsako kanthu. Anandiuza kuti chiwongoladzanja cha miyezi yotsalayo ndilipirabe chonse, chifukwa anachiphatikiza kale pa ngongole tsiku losaina. Ndinalipirira miyezi imene ndalama yawo sindinakhale nayo. Pa chotsika mukatseka ngongole chiwongoladzanja chimaima pomwepo, ngakhale ena amaikapo chindapusa chobwezera msanga, choncho funsiranitu.

Ndalama yoyendetsera mapepala ndi inshulansi zimapezeka mbali zonse, ndipo akazidula musanalandire, mumalipira chiwongoladzanja pa ndalama imene simunaigwire.

Ubwino wa fulati ndi umodzi wokha, kuti ndi yosavuta kuwerengera ndi mutu. Ine sizindikwanira. Ndimasankha chotsika, ngakhale atanena 4 peresenti pomwe wa fulati akunena 3. Kuzindikira kwake n'kosavuta: pa ndandanda yang'anani mzere wa chiwongoladzanja kuchokera pamwamba kutsika pansi. Nambala ikakhala imodzimodzi mwezi ndi mwezi, imeneyo ndi fulati. Wobwereketsa akakana kukupatsani ndandandayo musanasaine, musasaine.