Kamomayilo, lemonigalasi kapena pilitoni: tulo tikavuta timwe chiyani?

Mu Okutobala kuno ku Salima tulo timavuta pafupifupi aliyense. Malata amatentha mpaka pakati pa usiku, ndipo ukalowa m'neti thukuta limayamba pomwepo. Ndi nthawi ngati imeneyi chaka chatha pamene alamu anga, omwe amagulitsa zitenje pa Kamuzu Road, anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi kabokosi ka tiyi wa kamomayilo. Anzawo anawauza kuti akamwa kapu imodzi agona ngati khanda. Tinamwa tonse awiri madzulo omwewo. Ine ndikumwabe mpaka lero, koma iwo analeka tsiku lachiwiri, pa chifukwa chomwe ndinena kutsogoloku.

Kamomayilo si tiyi wa masamba ngati wa ku Thyolo kapena ku Mulanje. Ndi timaluwa touma, toyera m'mbali ndi pachikasu pakati, ndipo mulibe kafeni. Muli kanthu kena kotchedwa apijenini, komwe akatswiri anaona m'labotale kuti kamagwira malo omwewo a muubongo amene valiyamu, mankhwala a kuchipatala ogonetsa ndi kuchepetsa nkhawa, amagwira, ngakhale mofooka kwambiri. Mbiri yoti ndi tiyi wa tulo imatsamira pamenepo. Koma zochitika m'botolo la mu labotale ndi zina, za munthu yemwe akutembenuka pamphasa ndi zinanso.

Atamuyesa pa anthu enieni a vuto la kusowa tulo, zotsatira sizinali zokoma. Mu 2011, ku yunivesite ya Michigan ku America, anatenga anthu 34 omwe anali atakhala nthawi yaitali akuvutika kugona. Theka anawapatsa makapisozi a kamomayilo a mamiligalamu 270 kawiri pa tsiku kwa masiku 28, theka linalo makapisozi ofanana maonekedwe koma opanda mankhwala. Pomaliza, maola ogona sanasiyane moti n'kunena kuti kamomayilo wagwira ntchito. Ku Iran mu 2017 okalamba 60 anayesedwa ndi makapisozi a mamiligalamu 200 kawiri pa tsiku, ndipo amene analandira kamomayilo anati akugona bwinoko. Kafukufuku amene anagwiritsa ntchito tiyi weniweni wa m'kapu ndi wa ku Taiwan, wofalitsidwa mu 2016, pa amayi 80 ongobereka kumene. Amene anamwa kwa masabata awiri anati zinthu zasinthako, koma patapita masabata anayi magulu awiriwo anali chimodzimodzi. Komanso gulu linalo silinapatsidwe chakumwa chilichonse, choncho n'kutheka kuti chomwe chinathandiza ndi mpata woti mayi wa khanda akhale pansi apume ndi kapu yotentha m'manja.

Pa nkhawa umboni ulipo wabwinoko pang'ono. Ku yunivesite ya Pennsylvania mu 2009, anthu 57 a matenda a nkhawa anayesedwa kwa masabata 8, ndipo a kamomayilo nkhawa yawo inatsika kuposa anzawo aja. Koma taonani: anali makapisozi a mankhwala ofinyidwa m'maluwa ambiri, osati kathumba kamodzi m'madzi otentha. Kafukufuku wotsatira wa 2016 ankapereka mamiligalamu 1,500 pa tsiku, ndipo ngakhale pamenepo sanathe kutsimikiza kuti kamomayilo amaletsa nkhawa kuyambiranso. Amene amakugulitsani kabokosi akutchula kafukufuku, nthawi zambiri akunena za makapisozi pomwe m'manja mwake muli tiyi.

Nanga lemonigalasi, yemwe ali kuseri kwa nyumba zambiri kuno ndipo salira ndalama? Ku Brazil, komwe amamukhulupirira kwambiri, anamuyesa pa anthu mu 1986 ndipo sanapeze kuti amagonetsa kapena kuchepetsa nkhawa. Ndiye pa umboni kamomayilo ali patsogolo, koma ndi phazi limodzi lokha. Chomwe awiriwa akufanana, ndipo kwa ine ndiye nkhani yaikulu, n'chakuti onse alibe kafeni.

Tiwerengere limodzi. Alamu ankamwa makapu awiri a tiyi wa masamba wothira bwino cha m'ma 7 koloko madzulo, akaweruka ku msika. Kapu imodzi imakhala ndi kafeni wokwana mamiligalamu 40 mpaka 50, ndiye makapu awiri ndi pafupifupi 90. Thupi la munthu wamkulu limatenga maola pafupifupi asanu kuti lichotse theka la kafeni. Pofika 12 koloko usiku m'magazi mwatsala 45, ngati kuti munthu wangomwa kumene kapu yathunthu ali pabedi. Tambala akamalira cha m'ma 5 koloko mudakali 20 ndi kanthu. Munthu wotere akasiya tiyi wa masamba n'kuyamba kamomayilo, tulo tikhoza kubweradi, ndipo adzatamanda maluwawo pomwe chagwira ntchito ndi kuchoka kwa kafeni. Madzi ofunda a lemonigalasi akanachita zomwezo. Kumbukiraninso kuti kafeni ali mu khofi, mu zakumwa za kola ndi zija amati zopatsa mphamvu.

Pilitoni ndi nkhani ina. Ameneyu amagonetsadi, sitingatsutse, ndipo n'chifukwa chake ambiri amagula kam'bulu ka mamiligalamu 4 pagolosale ati apeze tulo. Koma ndi mankhwala a ziwengo ndi chimfine, kugonetsako ndi zotsatira chabe. M'mawa umadzuka mutu uli wolemera, kukamwa kuli gwa, ndipo ngati ndiwe wa kabaza kapena woyendetsa minibasi pamsewu wa ku Nkhotakota, kuwodzera kumeneko kumakutsatira ku ntchito. Kwa abambo achikulire amatha kuvutitsa pokodza, ndipo okalamba amatha kusokonezeka mutu kapena kugwa. Ukamamwa usiku uliwonse thupi limazolowera, kugonetsa kuja kumachepa. Valiyamu ndiye wamphamvu kuposa onsewa, koma ndi wolembedwa ndi dokotala, wa masiku ochepa osapitirira masabata awiri kapena anayi, chifukwa thupi limayamba kumudalira. Kuphatikiza ndi mowa kumatha kufooketsa kupuma. Ameneyo sindimuika pa mpikisano ndi tiyi.

Tibwerere kwa alamu. Usiku woyamba anati kukamwa kukuyabwa pang'ono, tinaseka kuti mwina apsa lilime. Usiku wachiwiri, pasanathe mphindi khumi atamwa, milomo inatupa, maso anafiira, ndipo pakhosi ndi m'mikono munatuluka totupa toyabwa.

Ndinawafunsa kuti, "Alamu, mukupuma bwinobwino? Mawu anu akutuluka ngati masiku onse?"

Anati akupuma, kungoti kukhosi kukukanda. Alamu ali ndi mphumu kuyambira ali mtsikana, ndipo maluwa a deliya akachita chikasu m'mbali mwa misewu amayetsemula osaleka. Sitinadikire kuti tione. Tinapita kuchipatala usiku womwewo, anawapatsa mankhwala n'kuwayang'anira mpaka zotupa zinaphwa, ndipo adokotala anawauza kuti asadzamwenso.

Kamomayilo ali m'banja limodzi la zomera ndi mpendadzuwa, deliya, chisoso ndi atemisiya amene ena anabzala nthawi ya Kovidi. Mukayang'ana duwa la chisoso ndi la kamomayilo muona kuti ndi pachibale. M'kathumba muja muli maluwa athunthu pamodzi ndi mungu wake, ndipo thupi lomwe limadana kale ndi mungu wa chomera china cha m'banjali likhoza kuona kamomayilo ngati mdani yemweyo. Madokotala a ku Spain analemba mu 1989 za mnyamata wa zaka 8, wa mphumu komanso wodana ndi mungu wa mtundu wina wa atemisiya, yemwe anadwala mwakayakaya atangomwa tiyi wa kamomayilo. Madokotala omwewo anaonanso anthu omwe maso anatupa atawatsuka ndi tiyiyu, choncho amene amakulangizani kuti mudonthezere m'maso ofiira musawamvere.

Zoterezi sizichitika kawirikawiri, anthu ochuluka amamwa popanda vuto. Koma amene ali ndi mphumu, amene amayetsemula ndi kutuluka misozi nyengo ya maluwa, kapena amene khungu limatuluka ziwengo akapalira pa deliya kapena mpendadzuwa, ndi bwino angomusiya. Ndipo kudya ndiwo za chisoso popanda vuto si chitsimikizo ayi. Chisoso timadya masamba ophika, pomwe apa tikumwa madzi a maluwa.

Kusiyanitsa kwake n'kotere. Kuyabwa mkamwa ndi totupa pakhungu ndi chenjezo: siyani pomwepo, ndipo musayesenso mawa lake monga tinachitira ife, chifukwa ulendo wachiwiri ukhoza kuposa woyamba. Koma lilime kapena kukhosi kukatupa, mawu akasasa, pachifuwa pakamalira, munthu akamasanza kapena kuchita chizungulire ngati akomoka, thamangani naye kuchipatala, kaya ndi chachikulu cha boma la Salima kapena chomwe chili pafupi. Chopulumutsa pamenepo ndi jakisoni wa adirenalini. Pilitoni amachedwa ndipo satsegula njira ya mpweya, ndiye kumumwetsa n'kumadikira kuti kuche ndi kutaya nthawi.

Enanso oti asamale ndi amene amamwa wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana. Ku Canada mu 2006 kunalembedwa nkhani ya mayi wa zaka 70 yemwe anataya magazi mkati mwa thupi atamamwa makapu anayi kapena asanu a kamomayilo pa tsiku pamwamba pa wafarini. Amayi oyembekezera ayambe afunsa ku sikelo, ndipo khanda losakwana miyezi 6 lisamwetsedwe tiyi wa mtundu uliwonse, bere ndi lokwanira.

Ine ndimamwabe chifukwa thupi langa silidana naye ndipo fungo lake limandisangalatsa. Ndimaika kathumba kamodzi m'kapu ya madzi owira, kuvindikira ndi sosala kwa mphindi 5 mpaka 10 kuti fungo lisathawe ndi nthunzi, n'kumwa kutatsala ola limodzi kuti ndigone. Ndikamwa nditavala kale zogonera, chikhodzodzo chimandidzutsa 2 koloko, phindu lonse lathera panja. Usiku womwe mutu wadzaza ndi za fizi ya ana, kapu imeneyi siithandiza kanthu.

Tulo tikamasowa masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, nkhaniyo yaposa tiyi, pitani akakuoneni. Nthawi zina chifukwa chimakhala mankhwala omwe munthu akumwa kale. Ma ARV okhala ndi dolutegiraviya amasowetsa tulo anthu ena, ndipo kuchipatala amatha kulangiza kuti azimwedwa m'mawa, koma musasinthe kapena kusiya nokha.

Alamu anapereka kabokosi kaja kwa ine. Tsopano tiyi wa masamba amamwa m'mawa ndi masana okha, madzulo amathyola lemonigalasi kuseri kwa khitchini. Akuti masiku ambiri amagona isanakwane 10 koloko, kupatula magetsi akazima n'kuzimitsa fani.