Rimoti yomwe ndinapukuta: zomwe zakhalitsa ndi zomwe zabwerera

Patha miyezi yambiri chitsegulire rimoti ya wailesi yathu ya kanema n'kuipukuta m'kati chifukwa inkavuta kugwira, ndiye tsopano ndingathe kunena pomwe kupukuta kumathandiza ndi pomwe kumalekezera.

Mbali ya mabatire ndiyo yandikhutiritsa. Batire limodzi linali litatayikira, n'kusiya ufa woyera pa kasipuling'i, moti rimoti inkati kugwira, kusiya. Ufa wa mabatire a alikalini umasungunuka ndi viniga kapena madzi a mandimu. Ndinanyowetsa kathonje pang'ono, kupukuta, kupala chitsulocho mpaka kuwala, kenako kuumitsa bwinobwino. Kasipuling'iko ndinakakoka pang'ono kuti kazikanikiza batire mwamphamvu. Vutoli silinabwerere. Chomwe ndimasamala n'chakuti ndimasintha mabatire onse awiri nthawi imodzi, chifukwa lakale likaphatikizidwa ndi latsopano limatheratu mphamvu n'kuyamba kutayikira.

Nkhani ya mabatani ndi ina. Kunsi kwa batani lililonse la labala kuli kadontho kakuda ka kaboni. Mukadina, kadonthoka kamakhudza timizere tiwiri ta pa bolodi n'kulumikiza magetsi. Pakati pamenepa pamaunjikana mafuta onanda, ena ochokera m'manja, ena otuluka m'labala mwenimweni. Labala ndinamutsuka ndi madzi ofunda a sopo, bolodi ndinaipukuta ndi sipiriti, ndipo ndinadikira kuti zonse ziumiretu ndisanabwezeretse. Tsiku limenelo mabatani onse ankamva kungowakhudza.

Mabatani a manambala akugwirabe chimodzimodzi mpaka lero. Koma la voliyumu ndi loyatsira, omwe timawadina kwambiri, anayambanso kulimba. Nditatsegulanso, bolodi inali yoyera, yopanda mafuta. Timadontho ta mabatani awiriwo tinali tosalala ndi tonyezimira, pomwe tinzake tinali takuda bii. Apa ndiye kuti kaboni waperepeseka, ndipo kupukuta sikungamubweze. Kukhula mwamphamvu ndi sipiriti kumangochotsa wotsalayo, choncho pa timadonthoti muzingodutsitsa kathonje mopepuka.

Kupaka pensulo kumathandiza masiku ochepa, kenako kumafufutika. Chomwe chagwira kwa ine ndi kachidutswa ka pepala la aluminiyamu, kodula molingana ndi kadonthoko, komata ndi guluu wochepa kwambiri. Guluu akasefukira pamwamba pake, batani limaferatu, ndipo kachidutswa kakamatuka kangathe kugwera pa timizere ta batani lina.

Musanatsegule yanu, lozetsani rimoti ku kamera ya foni n'kudina. Maso saona kuwala kwake, koma kamera imaonetsa kagetsi ka kutsogolo kakuphethira. Mafoni ena saonetsa ndi kamera ya kumbuyo, ndiye yesani ya kutsogolo. Mabatani onse akamaphethira mofooka kapena osaphethira, yambani ndi mabatire ndi tizitsulo take. Akakhala awiri kapena atatu okha ofuna kukanikiza mwamphamvu, vuto lili pansi pa labala. Onse akamaphethira bwino koma kanema osamva, rimoti isiyeni, mukaone kadiso kolandirira ka pa kanemayo.