PS5 kapena Switch: Kwabwino N'kuti Poletsa Ana Kupyola Malire?

Kuno ku Joni makolo ambiri timaweruka mochedwa, ndiye makina a magemuwa azitithandiza kulondera ana.

Tinene kuti muli ndi ana awiri, wazaka 9 ndi wazaka 14. Pa PS5 aliyense mumamutsegulira akaunti yakeyake mu `Family Management`, n'kumuikira msinkhu wake ndi maola ake. Wamng'ono ola limodzi, wamkulu awiri. Koma musankhe zoti nthawi ikatha makina amutulutse, chifukwa `Notify Only` imangochenjeza, mwana n'kumapitiriza osatekeseka. Pa Switch nthawi mumaitchera mu apu ya pa foni, mosavuta ndithu, koma imawerengera makina onse pamodzi. Wamkulu akayambirira, mng'ono wake apeza mbale zotsuka kale. Magemu oletsedwanso ndi chimodzimodzi: mukatsekera wazaka 9, mwatsekera onse.

Pa ndalama, `Monthly Spending Limit` ya PS5 imayambira pa 0, ndipo mukaikweza, marandiwo amachoka m'chikwama chanu. Switch ilibe malire apamwezi. Mumangoletsa kugula pa `Nintendo Account`, osati mu apu ija.

Ana osiyana misinkhu chonchi, ine ndingatenge PS5. Mwana akakhala mmodzi, Switch ikukwanirani.