Phakeji ya ku loji kapena holo ya tchalitchi nkudziphikira, ukwati wa anthu 200 kuno ku Mulanje

Makomiti ambiri a ukwati akalandira makotesheni awiri amangothamangira nambala ya pansi ija nkunena kuti uku nkotchipa. Koma pamene anthu amapsera ndi pa dipoziti ndi pa kawerengedwe ka mbale. Manambala ndiyike apawa ndi ongoyerekeza, mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, inu mudzalowetsemo anu.

Tiyambe ndi loji, kaya ya pa boma kaya ya cha ku Thyolo. Tinene holo K500,000, deko K600,000, mbale imodzi K12,000, ndiye anthu 200 chakudya chokha ndi K2,400,000, zonse pamodzi K3,500,000. Ubwino wake ngwakuti azakhali anu savutika ndi utsi, mipando ndi matebulo zilipo kale, jenereta nthawi zambiri amakhala nayo. Koma funsani kuti mu mbalemo muli chani kwenikweni, nkhuku ndi nyama ya ng'ombe zonse kapena chimodzi, nanga zakumwa zilimo? Kawirikawiri zakumwa, keke ndi DJ zimakhala kunja, ndipo mukabwera ndi makreti anu ena amakulipitsani yolowetsera. Mufunsenso ngati VAT ili kale mu mtengomo, poti ena amadzayionjezera pa invoisi yomaliza. Dekoyo nayonso alembe bwinobwino, ndi ya ku hayitebulo kokha kapena mpaka mipando yonse 200 ivekedwa?

Njira inayo, holo ya tchalitchi kapena ya sukulu K150,000, mipando yoonjezera 100 pa K500 umodzi ndi K50,000, wa deko wapadera K450,000. Mpunga wa makilo 35, nkhuku 30, nyama ya makilo 25, mafuta, tomato ndi kabichi wa ku Bvumbwe, tinene K1,400,000. Amayi ophika K200,000, nkhuni ndi thiransipoti K150,000, jenereta ndi mafuta ake K100,000. Zikukwana K2,500,000. Mwapulumutsa miliyoni yathunthu, inde, koma miliyoni imeneyo mwaigula ndi thukuta la komiti, pafunika munthu wouma mtima wosunga kiyi wa sitolo apo ayi nkhuku zimayamba kuchepa usiku wa Lachisanu.

Tsopano nkhani ya anthu obwera osaitanidwa, ndipo tisanamizane, kwathu kuno ukwati sabweza munthu pakhomo. Akabwera 260 mmalo mwa 200, ku loji anthu 60 amenewo ndi K720,000 yoonjezera, ndipo amawerenga mbale ndi a pa lojiwo, inu muli kalikiliki ndi perekaniperekani. Ikani munthu wanu aziwerenga mbale limodzi ndi woperekera zakudya, kapena gwiritsani makadi pakhomo. Kodziphikira amayi amangothira mpunga wina, nthuli nkuzichepetsa pang'ono, basi aliyense wadya. Ukwati wa mudzi wonse, loji ikulizani.

Dipoziti ndiye pamene ndimaumirira. Ku loji tinene akufuna theka, K1,750,000, kuti akusungireni tsiku, balansi mumalize kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri. Ndiye amene mukudalira ndalama za perekaniperekani kuti mudzalipire nazo balansi, iwalani, imafunika ukwati usanachitike. Musanatumize pa Airtel Money kapena Mpamba, papepala palembedwe zinthu izi. Kodi dipoziti ikutseka mtengo wa mbale kapena ikungosunga tsiku? Kumbukirani kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zinakwera nthawi yomweyo, ndiye ngati yangosunga tsiku, mbale ya K12,000 ija ikhoza kudzakhala K15,000, pa anthu 200 mwaonjezera K600,000 mulibe ponena. Nanga kukagwa maliro ukwati nkusuntha, ndalama ija ikupita ku tsiku latsopano kapena yapsa? Komanso nambala yomaliza ya anthu mudzapereke liti, poti mukalipira 200 nkubwera 170, mbale 30 zotsalazo sabweza ndalama, bola mugwirizane kuti chakudyacho mudzanyamula.

Kodziphikira madipoziti ndi ang'onoang'ono, wa holo pang'ono, wa deko theka, ophika pang'ono, ndiye ukwati ukasuntha simuluza zambiri malo amodzi. Vuto lake anthuwa ndi ambiri ndipo ambiri salemba risiti, wa deko akhoza kulandira maukwati awiri Loweruka limodzi nkukufikirani mochedwa. Msungichuma wa komiti asunge mameseji onse a ndalama, ndipo balansi ya deko idzaperekedwe akamaliza kukongoletsa.

Ena amati bwanji tenti pakhomo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula ya kuno sindingayerekeze, ngakhale Juni ndi Julaye chiperoni chikatsika mphiri alendo amathawa keke isanadulidwe.

Ine ngati alendo ndi a makadi ndipo ndalama ilipo kale mmanja, ndingatenge loji bola mtengo wa mbale atseke polemba. Ngati mbali zonse ziwiri ankhoswe akuti kubwera mudzi wonse, tengani holo ya tchalitchi, mpunga mugule makilo 45.