Malita pa makilomita 100 kapena makilomita pa lita: avereji yoona ndi iti?

Tinene kuti mwanyamula katundu ulendo wa makilomita 120, galimoto ikuyenda makilomita 8 pa lita. Yamwa malita 15. Pobwerera ilibe kanthu, ikuyenda makilomita 12 pa lita, ndipo yamwa malita 10.

Ambiri amaphatikiza 8 ndi 12 n'kugawa pawiri, n'kupeza 10. Apa ndi pamene pagona vuto. Mwayenda makilomita 240 ndi malita 25, kutanthauza 9.6 pa lita. Mukadalira 10 uja mugula malita 24, lita imodzi n'kuperewera. Chifukwa chake n'chakuti ulendo wolemera uja unatenga malita ambiri, choncho uyenera kukoka avereji kumbali yake. Kugawa pawiri kukanagwira ntchito maulendo onsewo akanamwa malita ofanana.

Tsono yesani malita pa makilomita 100. Popita ndi 12.5, pobwerera pafupifupi 8.33, avereji yake 10.42. Gawaninso malita 25 ndi makilomita 240, muchulukitse ndi 100: mupezanso 10.42 yemweyo. Zagwirizana chifukwa mitunda iwiriyi ndi yofanana, ndipo ine njira imeneyi ndi imene ndimaikhulupirira pa ulendo wopita n'kubwera.

Koma mitunda ikasiyana, nayonso imanama. Pamenepo phatikizani malita onse a pa malisiti, mugawe ndi makilomita onse amene galimoto yayenda, muchulukitse ndi 100.