CapCut, KineMaster kapena Aegisub: ndi iti imayendetsa bwino mawu ndi nyimbo?

Popanga kanema woonetsa mawu a nyimbo, ambiri amathamangira pulogalamu ya CapCut chifukwa cha Auto lyrics, yomwe imamvera nyimbo n'kulemba yokha mawu. Koma Chichewa sichimva, ndiye nyimbo yathu mudzalemba pamanja basi, mzere ndi mzere. Choncho posankha pulogalamu, muyang'ane ngati ikukuonetsani pomwe woimba akuyambira, komanso ngati kukonza polakwika n'kosavuta.

Pa foni, ine ndimasankha CapCut. Mukaika nyimbo, imaoneka ngati mafunde, ndipo pa Beats mumaika timadontho tachikasu pomwe mzere uliwonse ukuyambira. Mukatero lembani mzere woyamba pa Add text, muukoke ufike kumapeto kwa nyimbo, muzidula ndi Split padontho lililonse n'kusintha mawu a chidutswacho. Zilembo zimakhala zofanana, pamalo amodzi. Kadontho kalikonse muzikaika patsogolo pang'ono, mafulemu 4 kapena 5 woimba asanatsegule pakamwa, chifukwa diso limafuna mpata wowerenga. Mawu otulukira pamodzi ndi liwu amaoneka ochedwa.

KineMaster imachitanso zomwezi, ndipo poti foni mumaigwira chopingasa, mizere ya mawu imaoneka bwino. Vuto lake, yaulere imasiya chizindikiro chake pakona ya kanema yense.

Amene muli ndi kompyuta, yesani Aegisub. Ndi yaulere, ilibe zokongoletsa zambiri, koma pa nthawi palibe yoiposa mwa zitatuzi. Mzere uliwonse uli ndi nthawi yake yoyambira ndi yothera, yolembedwa m'manambala. Tiyerekeze kuti kolasi ya mizere 4 yayamba pa 0:48 ndipo ikubwereranso pa 1:52. Kusiyana kwake ndi masekondi 64. Mumakopera mizere ija, n'kuikankhira kutsogolo ndi masekondi 64 pa Shift Times, ntchito yatha. Woimba akabweretsa nyimbo yokonzedwanso, yomwe chiyambi chake chatalika ndi masekondi 2, mizere yonse imasuntha kamodzi. Pa foni zotere zimadya madzulo onse. Kungoti Aegisub situlutsa kanema, imasunga fayilo ya `.ass` yomwe mumamata pachithunzi ndi pulogalamu ina yotchedwa ffmpeg, polemba lamulo ili:

```
ffmpeg -loop 1 -i chithunzi.jpg -i nyimbo.mp3 -vf subtitles=mawu.ass -pix_fmt yuv420p -shortest kanema.mp4
```

Kaya mwasankha iti, chonde musatchere nthawi mutavala mahedifoni a Bluetooth. Amachedwetsa nyimbo pang'ono, ndiye madontho anu onse amagwera m'mbuyo. Mudzazindikira poonera pa sipika ya foni: mizere yonse yachedwa mofanana. Gwiritsani ntchito a waya.

Komanso musanakonde mtundu wa zilembo, yambani mwalemba "Malaŵi". Zilembo zambiri zokongoletsa zilibe ŵ, ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina. Ndi bwino kuona zimenezo pamzere woyamba, musanadule zidutswa zonse.